Malo alipo koma pulogalamu sikukwana: njira zitatu zogawira memole pa mndandanda umodzi wa mipata

Munafikako mu holo ya sukulu mochedwa, muli anthu anayi ndipo mukufuna kukhala pamodzi? Mukamwaza maso, malo alipo ndithu. Pa benchi iyi pali mpata wa munthu mmodzi, pa iyo wa anthu awiri, kumbuyo uko wa atatu. Kuphatikiza zonse, malowo akukwana anthu asanu ndi mmodzi. Koma inu anayi simungakhale pamodzi, chifukwa palibe mpata umodzi wokwana nonse.

Vuto lomweli limachitika mu memole ya kompyuta, ija imalembedwa kuti RAM pa bokosi la foni kapena laputopu. Pulogalamu iliyonse ikamayamba kugwira ntchito imapempha malo mu memole, ndipo ikamaliza imawabweza. Amene amagawa malowa ndi opaletingi sisitemu, pulogalamu yaikulu imene imayang'anira zonse mu kompyuta. Pa kagawidwe kamene tikambirane lero pali lamulo limodzi lolimba: pulogalamu iyenera kupatsidwa malo ake onse pamodzi, olumikizana, osati chidutswa apa china uko.

Kompyuta ikangoyatsidwa, memole imakhala ngati holo yopanda anthu. Koma mapulogalamu akamalowa ndi kutuluka, pamatsala mipata yosiyanasiyana kukula pakati pa mapulogalamu amene akugwirabe ntchito. Wogawa memole amasunga mndandanda wa mipata imeneyi. Ndiye pempho latsopano likabwera, ndipo mipata ingapo ikukwana, asankhe uti? Pali mayankho atatu otchuka. Tiwayesa onse atatu pa mndandanda umodzi, tione amene apambane.

Mndandanda wathu ndi malamulo a mpikisano

Tili ndi mipata isanu. Tiipatsa mayina A mpaka E, motsatira mmene yandandalikira mu memole kuchokera koyambirira mpaka kumapeto. Kukula kwake tikuyeza mu makilobayiti, mwachidule KB.

```
A=150  B=400  C=90  D=280  E=520
```

Kuphatikiza yonse, tili ndi 1440 KB. Kumbukirani kuti pakati pa A ndi B pali pulogalamu ina imene ikugwira ntchito, chimodzimodzinso pakati pa B ndi C, mpaka kumapeto. N'chifukwa chake mipatayi sitingaiphatikize.

Mapempho anayi akubwera, limodzi pambuyo pa linzake: 230 KB, 380 KB, 130 KB, kenako 350 KB. Onse pamodzi ndi 1090 KB, ndiye pa masamu a kuphatikiza okha malo ndi okwanira, mpaka kutsalako.

Malamulo ndi awiri. Loyamba, pulogalamu ikalowa mu mpata waukulu kuposa iyo, imatenga gawo limene ikufuna ndipo chotsalacho chimakhala mpata watsopano, waung'ono, pamalo pomwepo. Lachiwiri, palibe pulogalamu imene imalize ntchito mpikisanowu uli mkati.

Fesiti fiti: woyamba kukwana ndi yemweyo

Njira yoyamba imatchedwa fesiti fiti. Wogawa amayambira koyambirira kwa mndandanda n'kumayang'ana mpata umodziumodzi. Akangopeza wokwana, basi, waima pomwepo. Safuna n'komwe kudziwa ngati kutsogolo kuli wabwino kuposa umenewo.

Pempho la 230 lafika. A ndi 150, wachepa. B ndi 400, wakwana. Pulogalamu yalowa mu B ndipo patsala 170.

Pempho la 380 lafika, ndipo tikuyambiranso ku A. A wachepa, B tsopano ndi 170 ndiye wachepanso, C ndi D nayonso yachepa. E ndi 520, wakwana, patsala 140.

Pempho la 130 silivuta. A ndi 150, wakwana nthawi yomweyo, patsala 20.

Tsopano la 350. Mndandanda wathu wafika potere:

```
A=20  B=170  C=90  D=280  E=140
```

Mpata waukulu kuposa yonse ndi 280. Pulogalamu ya 350 KB yasowa pokhala, iyenera kudikira. Koma taphatikizani mipatayo: ndi 700 KB, kuwirikiza kawiri zimene pulogalamuyo ikupempha! Zija za mu holo zija ndi zimenezi. Akatswiri amatcha vutoli fulagimenteshoni ya kunja, kutanthauza kuti memole yopanda kanthu yabenthukabenthuka n'kumwazikana kunja kwa malo a mapulogalamu. Chizindikiro chake n'chosavuta: pempho lakanidwa, chonsecho mipata yonse pamodzi ikuposa pempholo.

Besiti fiti: mpata wothina kwambiri

Tibwezere mndandanda mmene unalili poyamba, tiyese njira yachiwiri. Besiti fiti imayang'ana mipata yonse, kenako pa imene ikukwana imasankha waung'ono kwambiri. Maganizo ake ndi akuti: bwanji ndidule mpata waukulu pomwe waung'ono ungathe? Waukuluwo ndiusungire pulogalamu yaikulu.

Pa pempho la 230, mipata yokwana ndi B, D ndi E. Waung'ono pa itatuyi ndi D, wa 280. Patsala 50. Pa 380, yokwana ndi B ndi E, ndipo wothina ndi B. Patsala 20. Pa 130, yokwana ndi A ndi E, tisankha A, patsalanso 20. Ndipo la 350 lija likafika, E akadali wathunthu, 520 yense, palibe wamukhudza. Pulogalamu yalowa bwinobwino, patsala 170.

```
A=20  B=20  C=90  D=50  E=170
```

Mapempho onse anayi akwana. Koma musafulumire kuwomba m'manja. Taonani zimene zatsala: 20, 20, 50. Tizidutswa totere n'tovuta kutigwiritsa ntchito, chifukwa mapulogalamu ambiri sangakwanemo. Zili ngati telala amene nthawi zonse amasankha nsalu yongokwana ndendende: samawononga nsalu zazikulu, koma pansi pa makina ake pamadzaza tizigamba tosasokeka kanthu. Ndi khalidwe la besiti fiti limeneli. Ikagwira ntchito nthawi yaitali, mndandanda umatalika ndi timipata topanda ntchito, ndipo pempho lililonse liyenera kudutsa pa timipata tonseto pofufuza.

Wesiti fiti: dula waukulu kwambiri

Njira yachitatu imamveka ngati nthabwala. Wesiti fiti imayang'ana mipata yonse n'kusankha waukulu kwambiri. Koma ili ndi chifukwa chake. Imati: ngati ndidula mpata waukulu, chotsalacho chikhalabe chachikulu, choti pulogalamu ina ingathe kukhalamo. Ikufuna kupewa tizigamba ta besiti fiti tija.

Tayambiranso ndi mndandanda woyamba. Pempho la 230 lilowa mu E, patsala 290. Tsopano waukulu kwambiri salinso E, ndi B wa 400, ndiye 380 ilowa mmenemo, patsala 20. Pa 130, tiyerekeze A wa 150, D wa 280 ndi E wa 290. Waukulu ndi E, patsala 160. Pempho la 350 lipeza izi:

```
A=150  B=20  C=90  D=280  E=160
```

Lakanidwanso. Mipata yonse pamodzi ndi 700 KB ngati muja zinalili ndi fesiti fiti, koma waukulu ndi 280 basi. Apa mpamene kufooka kwa wesiti fiti kumaonekera. Nthawi iliyonse imakadula mpata waukulu, ndiye pakapita kanthawi mipata yonse imakhala yapakatikati. Pulogalamu yaikulu ikabwera, palibe chimene chaisungikira.

Ndiye besiti fiti yapambana, eti?

Pa mapempho amenewa, inde. Mayina akenso amakopa: mu Chingelezi dzina la njira yachiwiri limatanthauza kukwana bwino koposa, la yachitatu kukwana moipa koposa. Wophunzira angaganize kuti nkhani yathera pomwepo. Koma mayinawo akunena za mmene pulogalamu imodzi ikuthinira mu mpata wake panthawi imeneyo. Sakunena kanthu za zimene zichitike kutsogolo. Tiyeni tisiye mipata ija chimodzimodzi, tingosintha mapempho.

Mpikisano wachiwiri, mapempho ndi 230, 170, 280 ndi 500.

Fesiti fiti iika 230 mu B, patsala 170. Pempho lotsatira ndi 170 ndendende. A wachepa, B wakwana osatsala kanthu. La 280 lilowa mu D, osatsalanso kanthu. La 500 lipeza E ali wathunthu n'kulowa. Onse anayi akwana.

Nanga besiti fiti? Iika 230 mu D, patsala 50. Posankha choncho yawononga mpata umene ukanakwana 280 ndendende, koma siikudziwa. La 170 lilowa mu B, patsala 230. La 280 likafika, D kulibenso, B wachepa, ndiye likakamizika kulowa mu E, patsala 240. La 500 lasowa pokhala, ngakhale mipata yonse pamodzi ndi 760 KB. Wesiti fiti nayo yagwa, chifukwa inadula E pa pempho loyambirira lomwe. Apa fesiti fiti yokha ndiyo yapambana.

Mpikisano wachitatu, mapempho ndi 230, 380, 280 ndi 270.

Wesiti fiti iika 230 mu E, patsala 290. La 380 lilowa mu B. La 280 lilowa mu chotsala cha E chija, patsala 10. La 270 lilowa mu D, patsalanso 10. Onse akwana. Taonani kuti E wanyamula mapulogalamu awiri, chifukwa chotsala chake chinali chachikulu mokwanira, monga momwe wesiti fiti imayembekezera.

Besiti fiti iika 230 mu D, 380 mu B, 280 mu E, ndipo mpata waukulu umene watsala ndi 240. La 270 lakanidwa. Fesiti fiti iika 230 mu B, 380 mu E, 280 mu D, ndipo waukulu wotsala ndi 170. Nayonso yalephera. Njira ija yotchedwa yoipa yapambana yokha.

Tsopano bwererani mmbuyo muone chinthu chimodzi. Mipikisano yonse itatu inayamba ndi pempho lomwelo la 230 KB, pa mipata yomweyo. Kuliika mu D kunali kolondola pa mpikisano woyamba, kuliika mu B pa wachiwiri, kuliika mu E pa wachitatu. Chimene chinagamula si pempho la 230, koma mapempho amene anabwera pambuyo pake. Ndipo wogawa memole amasankha asanawaone. Sadziwa ngati mutsegula pulogalamu yolembera kalata kapena gemu yaikulu. N'chifukwa chake palibe njira pa zitatuzi imene imapambana nthawi zonse.

Nanga liwiro?

Kukwanitsa mapempho si muyeso wokhawo. Pamene wogawa akufufuza mpata, pulogalamu ikudikira. Tiwerenge mipata imene njira iliyonse inayang'ana pa mpikisano woyamba. Fesiti fiti inayang'ana 2 pa pempho loyamba, 5 pa lachiwiri, 1 pa lachitatu ndi 5 pa lachinayi, yonse 13. Besiti fiti ndi wesiti fiti zinayang'ana isanu pa pempho lililonse, yonse 20. Sizingachitire mwina, pakuti sungadziwe kuti mpata ndi waung'ono kapena waukulu koposa usanaone yonse. Besiti fiti ingaime msanga pokhapokha yapeza mpata wofanana ndendende ndi pempho.

Pa mipata isanu kusiyanaku n'kochepa, koma mndandanda ukakhala wa mipata masauzande kumamveka. Njira ina yochepetsera ntchitoyi ndi kusunga mndandanda motsatira kukula kwa mipata m'malo motsatira malo ake. Ukasanja kuyambira waung'ono, mpata woyamba kukwana ndi womwewo wothina kwambiri. Koma kusanjako nako ndi ntchito, imene iyenera kuchitika nthawi iliyonse mpata ukasintha kukula.

Popeza mndandanda umodzi sungagamule, akatswiri amayesa njirazi pa kompyuta ndi mapempho ochuluka kwambiri, mapulogalamu akulowa ndi kutuluka. Donald Knuth analemba za mayeso otere mu gawo loyamba la buku lake lotchuka la The Art of Computer Programming, limene linatuluka mu 1968. Zimene mabuku ophunzitsa amagwirizana masiku ano ndi izi: wesiti fiti kawirikawiri imatsalira kumbuyo, pomwe fesiti fiti ndi besiti fiti zimayandikana pa kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndipo fesiti fiti imakhala yachangu. Mawu ofunika apa ndi akuti kawirikawiri. Mpikisano wathu wachitatu waonetsa kuti si nthawi zonse.

Yesani nokha

Ngati muli ndi mwayi wa kompyuta imene ili ndi Python, njira zitatuzi zimalembeka mu mizere yochepa. Iliyonse ikubweza nambala ya mpata umene yasankha, kuwerenga kuyambira pa 0, kapena `None` ngati palibe wokwana.

```python
def okwana(mipata, p):
    return [i for i, m in enumerate(mipata) if m >= p]

def first_fit(mipata, p):
    return next((i for i, m in enumerate(mipata) if m >= p), None)

def best_fit(mipata, p):
    return min(okwana(mipata, p), key=lambda i: mipata[i], default=None)

def worst_fit(mipata, p):
    return max(okwana(mipata, p), key=lambda i: mipata[i], default=None)
```

Mukapeza nambala `i`, chotsani pempho pa mpatawo polemba `mipata[i] -= p` musanapite ku pempho lotsatira.

Opanda kompyuta, pepala ndi pensulo ndi zokwanira, koma chenjerani ndi misampha itatu imene imagwetsa ambiri. Woyamba ndi kuiwala chotsala. Ena akaika 230 mu E amamukhwatcha E yense, ngati kuti 290 yotsalayo yasowa. Pa mpikisano wachitatu, amene wachita zimenezi anganene kuti wesiti fiti yalephera pomwe yapambana. Mankhwala ake ndi kulembanso mndandanda wonse pambuyo pa pempho lililonse.

Msampha wachiwiri ndi kupitiriza pamene munalekezera pochita fesiti fiti. Fesiti fiti imayambiranso ku A nthawi zonse. Yopitiriza pamene inalekezera ndi njira ina, yotchedwa nekisiti fiti, ndipo imapereka yankho losiyana. Pa mpikisano woyamba, ikanaika 130 mu chotsala cha E, cha 140 chija, osati mu A.

Wachitatu ndi kulakwitsa kuchotsera. Dziyeseni motere: mipata yotsala kuphatikiza mapempho amene alowa ziyenera kubwerera pa 1440. Pa besiti fiti ya mpikisano woyamba, yotsala ndi 350, olowa ndi 1090, ndipo zonse ndi 1440. Zikapanda kugwirizana, penapake mwaphonya.

Pulogalamu yokanidwa ija, zimatha bwanji?

Tibwerere kwa pulogalamu ya 350 KB imene fesiti fiti inaisiya panja. Chiyembekezo chake choyamba ndi chakuti wina amalize. Tinene kuti pulogalamu ya 230 KB ija yatseka. Malo ake ali moyandikana ndi chotsala cha 170, popeza zonsezi zinachokera mu B. Wogawa wanzeru amayang'ana mbali zonse ziwiri za malo amene abwezedwa, ndipo akapeza mpata woyandikana nawo amailumikiza. 230 ndi 170 zibwerera kukhala 400, ndipo ya 350 yalowa. Wogawa amene salumikiza angalembe mipata iwiri yosiyana pa mndandanda, n'kukananso pempholo pomwe malo olumikizana alipo. Apa mndandanda wosanjidwa motsatira malo umathandiza, chifukwa mipata yoyandikana mu memole imakhalanso yoyandikana pa mndandanda.

Njira yachiwiri ndi ija aphunzitsi amachita mu holo: "Sunthani nonse, thinanani mbali imodzi!" Mapulogalamu onse akasunthidwa n'kuthithikana, mipata isanu ija imasanduka umodzi wa 700 KB. Zimatheka, koma n'zodula. Zonse za mu pulogalamu iliyonse yosunthidwa ziyenera kukopedwa kupita kumalo atsopano, iyo itaima kaye. Ndiponso zimatheka pokhapokha ngati kompyutayo ili ndi njira yosinthira maadiresi a pulogalamu ikasamuka, apo ayi pulogalamuyo izikafuna zinthu zake kumene inachoka.

Njira yachitatu ndi kuphwanya lamulo lija tinayamba nalo. Mafoni ndi malaputopu a masiku ano amadula memole mu tizigawo tofanana totchedwa mapeji, nthawi zambiri a 4 KB, ndipo mapeji a pulogalamu imodzi angamwazikane paliponse. Kompyuta imasunga tebulo losonyeza pamene peji iliyonse ili, ndiye pulogalamuyo imaona ngati malo ake ndi olumikizana. Ya 350 KB ija ingafune mapeji 88. Koma 88 kuchulukitsa ndi 4 ndi 352, kutanthauza kuti 2 KB ya peji yomaliza ingokhala osagwiritsidwa ntchito. Kutayika kumeneku kuli mkati mwa malo amene pulogalamu yapatsidwa, n'chifukwa chake kumatchedwa fulagimenteshoni ya mkati.

Kodi ndiye kuti njira zathu zitatu zinatha ntchito? Ayi. Funso lija langosamukira malo ena. Mkati mwa pulogalamu iliyonse, tizinthu timapempha ndi kubweza malo osiyanasiyana kukula mosalekeza. Mu chilankhulo cha C, wolemba pulogalamu akalemba `malloc` amapempha malo olumikizana, ndipo akalemba `free` amawabweza. Kuseri kwa mawu awiriwa kuli wogawa amene akusunga mipata ndi kusankha woti adule, osadziwa chimene chipemphedwe kenako.

Nayi ntchito yoti mupite nayo. Tengani mipata yomwe ija, 150, 400, 90, 280 ndi 520, ndi mapempho a mpikisano woyamba, koma muwatembenuze: 350, 130, 380, 230. Musanawerengere, lembani kaye pambali njira imene mukuganiza kuti ikwanitsa onse anayi. Kenako yendetsani zitatu zonse, pempho limodzilimodzi, muone ngati munalosera bwino.